Sitima imathamanga, koma kodi imakufikitsani msanga?

Pa ntchito yanga yokonza maulendo, anthu amandionetsa ndandanda ya sitima n'kunena kuti, "Onani, maola 2 okha, pomwe pagalimoto ndi pafupifupi 3." Ndimawafunsa funso limodzi: maola 2 amenewo akuyambira pati? Ndandanda imawerenga kuchoka pa siteshoni kukafika pa siteshoni inzake. Koma inu simugona pa siteshoni. Ulendo wanu umayambira pakhomo panu n'kukathera pakhomo la komwe mukupita.

Tiyerekeze ulendo wa makilomita 200. Sitima yoyenda makilomita 100 pa ola itenga mphindi 120. Galimoto yoyenda makilomita 75 pa ola, titawerengera kale kuchedwa kwa m'matauni, itenga mphindi 160. Apa sitima yatsogola ndi mphindi 40.

Tsopano tiwonjezere zomwe ndandanda sinena. Kuchoka kunyumba kufika pa siteshoni, mphindi 25. Kugula tikiti ndi kudikira, mphindi 20, poti palibe amene amafika sitima ikutseka zitseko. Mukatsika, mphindi zina 25 kuti mukafike komwe mukupita. Zonse pamodzi ndi 70, ndipo ulendo uja wakwana mphindi 190. Wagalimoto naye tim'patse mphindi 10 zofunafuna poimika, akwane 170. Sitima yothamanga ija yatsalira ndi mphindi 20.

Chinsinsi chili apa: mphindi 70 zija sizisintha, kaya ulendo ndi waufupi kaya wautali. Chomwe chimakula ndi phindu la liwiro. M'chitsanzo chathu, sitima imapulumutsa mphindi 20 pa makilomita 100 alionse, pomwe yayamba ulendo ili ndi ngongole ya mphindi 60 poyerekeza ndi galimoto. Ngongoleyo imatha pa makilomita 300. Kupitirira apo, sitima ndiyo ifika msanga.

Kusintha sitima panjira ndiye kumasokoneza kwambiri. Ngati mwapatsidwa mphindi 20 zoti mutsike iyi n'kukwera ina, malire aja asuntha kufika pa makilomita 400. Izitu ndi pamene zonse zayenda bwino. Sitima yoyamba ikachedwa ndi mphindi 25, yachiwiri mwaiphonya ndi mphindi 5 zokha, ndipo ngati imabwera kamodzi pa ola, mukhala pabenchi mphindi 55 n'kukafika mutachedwa ndi ola lathunthu. Galimoto ikachedwa mphindi 25 pamsewu, mwachedwa 25 zomwezo basi. N'chifukwa chake ine ndisanayang'ane liwiro la sitima, ndimayamba ndaona kuti yotsatira ibwera nthawi yanji.

Wapabasi asanyadire: nayenso amapita kokwerera, amadikira, ndipo mwina amasintha basi panjira. Mphindi zake zimenezo ziwerengedwe ngati mmene tawerengera za sitima.