Kuwerenga chithunzi cha banga lapakhungu pofufuza khansa ya melanoma

Pafupifupi munthu aliyense ali ndi timabanga takuda kapena tabulawuni pathupi, ndipo tambiri tilibe vuto. Ntchito ili pozindikira banga limodzi lija lomwe lasanduka khansa yotchedwa melanoma, lisanalowe pansi pakhungu. Maso paokha amangoona pamwamba. N'chifukwa chake azaumoyo amagwiritsa ntchito dematosikopu, kachipangizo kam'manja kokhala ndi galasi lokuza zinthu pafupifupi ka 10 komanso nyale yakeyake. Ena amayamba apaka mafuta kapena jelo pabangapo kuti khungu lisanyezimire, pomwe zipangizo zina zili ndi kuwala kosefedwa kosafuna mafuta. Kunyezimira kukachoka, zimene zili m'kati mwa banga zimaonekera, ndipo zimatheka kuzijambula.

Uthengawu ukufotokoza njira imodzi yowerengera chithunzicho, yotchedwa ABCD, yomwe Wilhelm Stolz ndi anzake adaifalitsa mu 1994. Imafunsa mafunso anayi, A, B, C ndi D, ndipo yankho lililonse lili ndi mapointi ake.

Funso loyamba ndiye lolemera kuposa onse: kodi mbali za bangali zikufanana? Jambulani m'maganizo mizere iwiri yopingasana pakati pa banga, muiike pomwe mbalizo zikufanana kwambiri. Kenako ganizani ngati mukupinda chithunzicho potsata mzere woyamba, ndiye wachiwiri. Mbali zikagwirizana popinda ponse pawiri, lembani 0. Zikasiyana pa mzere umodzi lembani 1, pa yonse iwiri lembani 2. Ongoyamba kumene amaphonya pomwepa, chifukwa amangoyang'ana mpendero wa banga. Banga likhoza kukhala lozungulira bwinobwino koma m'kati mwake kumanzere kuli bii, kumanja kuli mbuu. Limenelo ndi losafanana mbali, ndipo ndi lodetsa nkhawa kuposa lokhotakhota m'mphepete koma lamtundu umodzi ponseponse. Maselo abwinobwino amakula mwadongosolo, pomwe akhansa gulu lililonse limakula mwa lokha, ndipo chisokonezo chimenechi n'chomwe tikufufuza. Nambala ya funsoli imachulukitsidwa ndi 1.3.

Lachiwiri ndi la m'mphepete. Gawani banga m'zigawo 8 zokumana pakati. Chigawo chilichonse chomwe mtundu ukutha mwadzidzidzi, ngati wadulidwa ndi lumo, chimalandira 1. Chomwe mtundu ukuzilala pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi khungu sichilandira kanthu. Zonse pamodzi zimachulukitsidwa ndi 0.1 basi, choncho musataye nthawi yambiri kukangana za chigawo chimodzi.

Lachitatu ndi mitundu. Yowerengedwa ndi 6: woyera, wofiira, wabulawuni wowala, wabulawuni woderapo, wabuluu wotuwira ndi wakuda. Woyera umawerengedwa pokhapokha ngati wayera kuposa khungu lozungulira. Chosangalatsa apa n'chakuti wakuda, wabulawuni ndi wabuluu yonse imachokera ku chinthu chimodzi, melanini, chomwe chimapatsa khungu mtundu wake, ndipo chimasiyana ndi kuya kokha. Melanini akakhala pamwamba penipeni amaoneka wakuda, akakhala pokumana khungu lapamwamba ndi lapansi amaoneka wabulawuni, akazama amaoneka wotuwa kapena wabuluu. Ndiye banga la mitundu yambiri likukuuzani kuti melanini wamwazikana pakuya kosiyanasiyana. Wofiira umasonyeza mitsempha ya magazi kapena kutupa, woyera nthawi zambiri ndi chipsera pomwe thupi lalimbana ndi bangalo. Mtundu uliwonse ndi 0.5.

Lachinayi ndi zooneka m'kati, zomwe zilipo 5: ukonde wa timizere tabulawuni, malo opanda chojambulika chilichonse, timizere tanthambi, timadontho ting'onoting'ono, ndi timibulu tokulirapo. Chilichonse ndi 0.5. Malo opanda chojambulika amawerengedwa akaposa 10 peresenti ya banga lonse.

Kuwonkhetsa kwake ndi uku, pomwe A ndi nambala ya funso loyamba, B ndi chiwerengero cha zigawo zodulidwa mwadzidzidzi, C cha mitundu, ndipo D cha zooneka m'kati:

```
(A x 1.3) + (B x 0.1) + (C x 0.5) + (D x 0.5)
```

Zikakhala pansi pa 4.75, bangalo kawirikawiri ndi labwinobwino. Kuyambira 4.75 mpaka 5.45 ndi lokayikitsa, lofunika kulitsatira mwatcheru kapena kulichotsa. Kupitirira 5.45, tiliyese melanoma mpaka kupima kutatsutsa.

Tiyeni tiyese pa chitsanzo. Bambo wina ali ndi banga kumsana la mamilimita 7, ndipo akazi awo akuti chaka chatha silinali chonchi. Ndi maso likuoneka lozungulira, labulawuni. Pachithunzi nkhani yasintha. Chakumtunda kumanzere kuli ukonde wa mizere yonenepa yoderapo, chakumunsi kumanja kuli malo otuwira opanda ukonde n'komwe, ndipo pakona imodzi pali timadontho takuda tounjikana. Mupinde uku kapena uku, sizikugwirizana: A ndi 2, kutipatsa 2.6. Kumbali ya ukonde wonenepa uja, mtundu ukutha mwadzidzidzi m'zigawo zitatu: 0.3. Mitundu ilipo inayi, wabulawuni wowala, woderapo, wakuda ndi wabuluu wotuwira: 2.0. Zam'kati zilipo zitatu, ukonde, malo opanda chojambulika ndi timadontho: 1.5. Zonse pamodzi ndi 6.4. Bambowa asauzidwe kuti adzabwerenso pakatha miyezi itatu. Banga lonse lichotsedwe pamodzi ndi kachikopa kochepa kozungulira, likapimidwe ku labotale, chifukwa wotsimikiza kuti ndi khansa ndi woona maselo pa maikulosikopu, osati chithunzi. Onani kuti wina akadangoyang'ana kuzungulira kwake n'kulemba A kuti ndi 0, akadapeza 3.8, n'kuwabweza bambowa kunyumba ali ndi khansa.

Chithunzi chokha chikhoza kukunamizani. Mukakanikiza galasi mwamphamvu, magazi amathawa ndipo kufiira kumasowa. Thovu la mpweya m'mafuta limabisa malo, tsitsi limaoneka ngati timizere, ndipo banga likapanda kulowa lonse m'chithunzi simungaweruze mbali zake kapena m'mphepete. Zikatero jambulaninso.

Njirayi ilinso ndi malire. Idapangidwira mabanga ochokera ku maselo opanga melanini, kotero zotupa zaukalamba zokhakhala, zooneka ngati zomata pakhungu, zikhoza kupeza mapointi ambiri zili zosaopsa. Kwinaku, melanoma yopanda mtundu, yongofiirira, kapena yotukuka ngati kampira, ikhoza kupeza mapointi ochepa ili yoopsa zedi. Chotupa cholimba chomwe chikukula msanga kapena kutuluka magazi chitumizidwe kwa dokotala wa khungu, kaya nambala yatuluka yotani.

Pankhope, kuzikhadabo, m'manja ndi kuphazi ABCD sigwira, poti khungu la kumeneko lidapangika mosiyana. Izi n'zofunika kwambiri kwa anthu akhungu lakuda, chifukwa kwa iwo melanoma imakonda kutuluka kunsi kwa phazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo. Khungu la kuphazi ndi m'chikhatho lili ndi timizere totukuka ndi tingalande pakati pake, zomwe zija zimadinda chala. Pachithunzi, timizere totukuka ndi totambalala ndipo tili ndi timadontho toyera tondandalika, tomwe ndi timabowo ta thukuta. Mtundu ukatsata tingalande topyapyala, kawirikawiri ndi banga wamba. Ukakwera pamwamba pa timizere totukuka, pomwe pali timabowo ta thukuta paja, munthuyo atumizidwe msanga kukapimidwa, ngakhale banga litakhala laling'ono komanso losapweteka.