Ndalama zomwe mwatapa mu kampani yanu: ndi malipiro, dividendi kapena ngongole?

"Ndili ndi kampani ku Ngabu yogula chitowe ndi mbuzi. Masheya onse ndi anga, dayilekita ndi ine. Chaka chino ndakhala ndikutapa ndalama za fizi ndi za pakhomo, zakwana K9,000,000. Akauntanti akuti ndili ndi ngongole ku kampani. Ngongole bwanji, pomwe kampaniyo ndi yanga?"

Bambo, akauntanti anuwo sakunama. Tsiku lomwe mudalembetsa kampani n'kulandira satifiketi yokhala ndi mawu akuti Limited kumapeto kwa dzina, mudabala munthu wina pamaso pa lamulo. Munthu ameneyo ali ndi thumba lakelake, ngongole zake ndi msonkho wake. Chitowe chili m'nyumba yosungiramo katundu ndi chake, mbuzi zili m'khola ndi zake. Inu chanu ndi masheya.

Choncho ndalama ikamachoka m'thumba la kampani kupita m'thumba lanu, imayenera kutuluka ndi dzina. Mayina ake ndi atatu. Ikhoza kukhala malipiro a ntchito yomwe mumagwira, ikhoza kukhala dividendi, lomwe ndi gawo la phindu logawidwa kwa eni masheya, kapena ikhoza kukhala ngongole. Malipiro amafuna kuti msonkho wa PAYE udulidwe mwezi womwewo. Dividendi imafuna chigamulo cholembedwa ndi phindu looneka m'mabuku. Inu simudachite chilichonse mwa ziwirizi, ndiye dzina lotsala ndi limodzi. Ndalama yotuluka yopanda dzina, akauntanti amailemba pa akaunti ya ngongole ya dayilekita, ndipo imakhala pomwepo kudikira kuti muibweze.

Anzanu ambiri ogula mbewu ku Bangula ndi ku Nsanje alibe vutoli chifukwa iwo adangolembetsa dzina la bizinesi, osati kampani. Kwa iwo bizinesi ndi mwini wake ndi munthu mmodzi, amatapa momwe afunira ndipo msonkho umawerengedwa pa phindu lonse. Musamatengere zochita zawo.

"Nanga pa malipiro ndi dividendi, chotchipa pa msonkho ndi chiti?"

Tiyeni tiwerengere pa K9,000,000 yanu yomweyo. Ndigwiritsa ntchito mitengo ya PAYE yomwe idayamba mu Epulo 2024. Mitengo ya misonkho imasintha ndi bajeti, choncho musanadule kalikonse katengeni mndandanda wa chaka chino ku MRA, koma kawerengedwe kake ndi komweka.

Mukadadzilembera malipiro a K750,000 pa mwezi, K150,000 yoyamba ikadakhala yopanda msonkho. K350,000 yotsatira ikadadulidwa 25 pa 100 iliyonse, yomwe ndi K87,500. K250,000 yotsalayo ikadadulidwa 30 pa 100, yomwe ndi K75,000. Pamodzi ndi K162,500 pa mwezi, kapena K1,950,000 pa chaka. M'manja mwanu mukadatsala K7,050,000. Ubwino wake wina ndi wakuti malipiro amawerengedwa ngati ndalama yoyendetsera bizinesi, ngati mafuta a lole kapena lendi, ndiye amachotsedwa phindu la kampani lisanakhomedwe msonkho.

Dividendi ilibe mwayi umenewo. Imachokera pa phindu lomwe lakhomedwa kale. Pa phindu la K9,000,000, kampani iyamba yapereka msonkho wake wa 30 pa 100, K2,700,000, kutsala K6,300,000. Pogawa imeneyo, kampani idulanso msonkho wa dividendi wa 10 pa 100, K630,000, n'kukaupereka ku MRA. Inu mulandira K5,670,000. Ndalama imodzi yalumidwa kawiri, ndipo kusiyana kwake ndi malipiro kwafika K1,380,000.

Malipirowo ali ndi zolemetsa zawo. Pali ndalama ya TEVET, 1 pa 100 ya malipiro onse omwe kampani imapereka, ndiponso penshoni, yomwe olemba ntchito amaika 10 pa 100 ndipo wantchito 5 pa 100. Koma ya penshoniyo siitayika, ndi yanu yomwe, yangosungidwa. Cholemetsa chenicheni ndi mwambo wake: PAYE imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, mwezi ndi mwezi, kaya ndi nyengo yogula mbewu kaya ndi Januwale pomwe msewu wadulidwa ndi madzi ndipo palibe chomwe chikugulitsidwa. N'chifukwa chake ine ndimalangiza amalonda a kuno kuchigwa kuti aike malipiro omwe kampani ingakwanitse ngakhale m'miyezi yowuma, ndipo dividendi aidikire mpaka mabuku a chaka atatsekedwa.

"Sindingangouza akauntanti alembe kuti zonse zomwe ndidatapa zinali malipiro?"

Mukatero mwavomera nokha kuti kwa miyezi 12 kampani idalipira wantchito osadula PAYE. MRA idzafuna msonkho wa miyezi yonseyo, kuonjezapo chindapusa ndi chiwongoladzanja cha kuchedwa. Kulemba makalata lero n'kuikapo deti la chaka chatha ndi chinyengo, musayese n'komwe. Njira yoyera ndi yoyang'ana kutsogolo: kampani igamule lero kukupatsani malipiro kapena bonasi, idule PAYE yake, ndipo yotsalayo isalowe m'thumba mwanu koma ichepetse ngongole ija.

"Chabwino, ndiye ikhale ngongole. Ngongole ilibe msonkho, si choncho?"

Ndalama yobwereka payokha si phindu, ndiye siikhomedwa msonkho. Apa mpamene ambiri amaona ngati apeza khomo lakuseri. Koma khomolo lili ndi mlonda.

Kampani ikabwereketsa dayilekita kapena wantchito wake ndalama popanda chiwongoladzanja, kapena ndi chiwongoladzanja chotsika kuposa cha kubanki, lamulo la misonkho limati munthuyo wapatsidwa cholowa, monga momwe amaonera galimoto kapena nyumba ya kampani. Cholowacho ndi kusiyana kwa chiwongoladzanja chomwe mukadalipira kubanki ndi chomwe mukulipira ku kampani. Pa kusiyana kumeneko pali msonkho womwe pa mafomu a MRA umalembedwa kuti FBT, wa 30 pa 100, ndipo amalipira ndi kampani, miyezi itatu iliyonse.

Tiyerekeze kuti chiwongoladzanja cha kubanki ndi 30 pa 100 pa chaka, ndipo K9,000,000 yakhala kwa inu chaka chathunthu osalipirapo kanthu. Cholowa chanu ndi K2,700,000, ndipo FBT yake ndi K810,000. Chaka chamawa, ngati simunabweze, ibweranso. Pakatha zaka zitatu kampani yalipira K2,430,000, kuposa PAYE ija mudathawa, ndipo ngongole ikadali yonse. Mukasankha kulipira chiwongoladzanja chokwanira kuti FBT isakhalepo, chiwongoladzanjacho ndi ndalama yomwe kampani yapeza, ndipo chilowa m'phindu lokhomedwa msonkho.

Palinso china chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa msonkho. Ngongole imeneyi m'mabuku ndi chuma cha kampani. Tsiku lomwe kampani idzalephere kulipira alimi omwe idawatengera mbewu pa ngongole, kapena banki, woikidwa kuti atseke kampaniyo adzayamba kutolera kwa onse omwe ali ndi ngongole, ndipo dzina lanu lidzakhala pamwamba. Mawu akuti Limited amateteza nyumba yanu ndi ng'ombe zanu ku ngongole za kampani, koma sakutetezani ku ngongole yomwe inuyo muli nayo ku kampaniyo. Ngakhale a banki, mukakapempha ndalama zogulira mbewu, akaona ngongole ya dayilekita ikukula chaka ndi chaka amadziwa komwe ndalama zawo zikathere.

Ngongole yeniyeni imadziwika. Imakhala ndi kalata yonena kuchuluka kwake, chiwongoladzanja, ndi masiku obwezera, eni masheya onse adavomereza molemba, ndipo pa sitetimenti ya banki pamaoneka ndalama zikubwerera. Yopanda zonsezi, yongokwera osatsika, woyendera mabuku wa MRA adzafunsa ngati si malipiro ovala chigoba.

"Mu akaunti ya kampani muli K12,000,000. Ndingagawe dividendi kuti ndifafanize ngongoleyo?"

Kufafaniza ngongole ndi dividendi n'kololedwa, ndipo ndi momwe ambiri amathetsera nkhaniyi. Koma ndalama ili mu akaunti si phindu. Mwina K8,000,000 mwa imeneyo ndi ya wogula wa ku Limbe yemwe adalipiriratu chitowe chomwe simunatumize, ina ndi msonkho womwe sunaperekedwe.

Lamulo la makampani la 2013 limafuna kuti kampani isanagawe kanthu kwa eni masheya, madayilekita akhutire kuti ikagawa idzathabe kulipira ngongole zake pa nthawi yake, komanso kuti chuma chake chikuposa ngongole zake. Kuno mayeso amenewa si a pa pepala chabe. Yemwe katundu wake adanyowa ndi madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 adali ndi matumba m'mabuku omwe m'nyumba yosungira adali atawola. Werengani katundu yemwe alipodi, pa mtengo womwe angagulidwe lero. Dividendi yogawidwa kampani isanapambane mayesowa ikhoza kuitanitsidwa kuti ibwezedwe, ndipo dayilekita yemwe adavomereza akhoza kulipira kuchokera m'thumba lake.

Mabuku akaonetsa kuti phindu lilipo, lembani chigamulo chokhala ndi deti ndi kuchuluka kwa dividendi, musaine. Kuti K9,000,000 ifafanizike yonse, dividendi iyenera kukhala K10,000,000, chifukwa K1,000,000 ndi msonkho, ndipo imeneyo yokha ndiyo ituluke mu akaunti kupita ku MRA. Dziwaninso kuti dividendi imatsata masheya. Kwa inu n'zosavuta poti onse ndi anu, koma amene adalembetsa mayi a kunyumba kapena mlamu wawo pa theka la masheya, theka la dividendi ndi la munthuyo, ngakhale sanaponde pa sikelo chaka chonse.

"Poyamba kampani ndidagulitsa ng'ombe zanga zisanu n'kuika ndalamazo mu bizinesi. Zimenezo siziwerengedwa?"

Ziwerengedwa, ndipo apa mpomwe muyambire musanalipire msonkho uliwonse. Funsani akauntanti kuti ndalama ya ng'ombezo idalembedwa bwanji. Ngati mudagulira masheya, yakhazikika mu kampani ndipo simungaitape mwachisawawa. Koma ngati idalembedwa kuti mudabwereketsa kampani, ndiye kampani ndiyo ili ndi ngongole kwa inu, ndipo pokubwezerani palibe msonkho chifukwa ndi ndalama yanu ikubwerera.

Tinene kuti ng'ombezo zidabweretsa K4,000,000 ndipo idalowa ngati ngongole. Pa K9,000,000 ija pachoka K4,000,000, mutsala ndi K5,000,000. Onjezani mafuta ndi matumba omwe mudagulira kampani ndi ndalama ya pa foni yanu, ngati malisiti alipo. Umboni ndiwo udzafunike: silipi yoikira ndalama ku banki, kalata yogulitsira ng'ombe, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Ngati ndalama ya ng'ombezo idangochoka pa msika kupita kwa alimi osadutsa ku banki, funafunani kope lomwe mudalembamo zogula za sabata imeneyo, ndipo mupite nalo kwa akauntanti asanatseke mabuku a chaka chino.