Yankho la intigireshoni muzilibweza kumene lachokera

Ndatopa nako kumva mawu akuti “ndinangoiwala mainasi”. Ndimaphunzitsa masamu kuno ku Blantyre, ndipo sabata siitha osamva mawu amenewa kwa ana a Fomu 4 kapena a chaka choyamba kukoleji. Amawanena akumwetulira, ngati ndi ngozi yogwa yokha. Si ngozi ayi. Mukaintigireta, yankho lanulo mukalidifarenshiyeta liyenera kukubwezerani ndendende chimene munayamba nacho. Likapanda kutero, mwalakwa, ndipo mwadziwa nokha pepala lisanafike kwa ine.

Pali mtsikana wina wa ku Ndirande amene pepala lake limandiwawabe. Anali wakhama, ndipo njira yonse ankaidziwa. Funso linali ∫ sin 3x dx, kenako kupeza kukula kwa malo a pansi pa mzere wa y = sin 3x kuchokera pa x = 0 kufika pa x = π/3. Iye analemba 3 cos 3x + C. Zolakwa ziwiri pamzere umodzi: mainasi wasowa, ndipo 3 uja wachulukitsa m’malo mogawa. Ataika malire aja anapeza −6, n’kutsekera mzere kunsi kwake ndi rula, bwinobwino.

Nditamubwezera pepala ndinati, “Tadifarenshiyeta yankho lakoli.” Sizinamutengere ndi mphindi imodzi yomwe. cos 3x amapereka −3 sin 3x, kuchulukitsa ndi 3 wakutsogolo uja, zinatuluka −9 sin 3x. Anayang’ana funso, n’kuyang’ananso kope, n’kugwira pakamwa. “Aphunzitsi, ndiye bwanji sindinaone?” Sanaone chifukwa sanayang’ane.

Chimene ambiri sadziwa n’chakuti kubwezaku kumakuuzaninso mankhwala ake. Timafuna sin 3x, tapeza sin 3x yemweyo koma atachulukitsidwa ndi −9. Ndiye gawani yankho lanu lija ndi −9. 3 kugawa ndi −9 ndi −1/3, kotero yankho loona ndi −(1/3) cos 3x + C. Libwezeninso kachiwiri, musachite ulesi: −1/3 kuchulukitsa ndi −3 ndi 1, watsala sin 3x yekha. Malo aja tsopano akutuluka 2/3. Ndipo −6 uja anayenera kumudabwitsa kale, poti pakati pa malire amenewo mzerewo sutsika kunsi kwa ziro.

Koma apa mvetserani, chifukwa ndi pamene ena amagwera m’dzenje lachiwiri. Kugawa kotereku kumaloledwa pokhapokha chotsalacho chikakhala nambala chabe. Tengani ∫ (x² + 1)² dx. Wothamanga amalemba (x² + 1)³/3. Akabweza amapeza 2x(x² + 1)², ndiye amati palibe vuto, ndingogawa ndi 2x. Ayi ndithu. 2x si nambala yokhazikika, amasintha x akasintha, ndipo mukadifarenshiyeta yankho latsopanolo muona zinthu zina zikutuluka zimene m’funso munalibe. Chotsala chikakhala ndi x, njira yonse ndi yolakwika, fufutani muyambirenso. Apa tsegulani mabulaketi kaye, x⁴ + 2x² + 1, ndipo yankho ndi x⁵/5 + 2x³/3 + x + C.

C yekhayo kubweza sikungakukumbutseni, chifukwa nambala iliyonse ukaidifarenshiyeta imasanduka ziro. Ameneyo muzimukumbukira nokha.

Kachitidwe kogawa ndi 2x kaja ana sakutola m’mutu mwawo. Angapo andiuza kuti anakaphunzira ku patitaimu. Makolo, ndalama mukulipira madzulo aliwonse muzifunsako zimene zikugulidwa. Alipo aphunzitsi a patitaimu abwino, sindikukana. Koma aliponso ena ongoloweza ana tebulo la mayankho ngati nyimbo ya Sande sukulu, n’kumawalonjeza njira zachidule zoti akakhoza nazo popanda kuganiza. Mwana wotero akasokoneza kuti mainasi amapita kwa sayini kapena kwa kosayini, alibe pogwira. Mufunseni mwana wanu usiku uno kuti akuonetseni mmene amatsimikizira yankho lake. Akati “aphunzitsi ndi amene amachonga”, dziwani kuti pali vuto.

Ndipo musadikire kuti mayeso ayandikire. Ena amati adzayamba kubweza mayankho m’chipinda cha mayeso, pamene mtima ukugunda, woyang’anira akuyang’ana wotchi. Dzanja silichita pamenepo chimene silinazolowere. Yambani ndi homuweki ya lero, funso lililonse, ngakhale looneka lophweka ngati ∫ e^(−2x) dx, limene theka la kalasi langa limalemba −2e^(−2x) chaka ndi chaka. Mtsikana uja masiku ano amajambula kabokosi kumanja kwa tsamba, n’kumabwezeramo yankho lililonse ndi pensulo. Koma pepala la tsiku lija linali litachongedwa kale, ndipo malikisi a funso lonselo anapita.