Mapazi akamatentha usiku koma panado osathandiza

Ululu umene ambiri timaudziwa umayamba chiwalo chikavulala kapena kutupa. Munthu akabinya bondo kapena dzino likabowoka, minofu ya pamalopo imatulutsa timadzi totchedwa pulositagilandini, timene timachititsa kuti nsonga za minyewa zimve msanga chilichonse, ndipo minyewayo imatumiza uthenga kudzera mumsana mpaka ku ubongo. Minyewa pamenepa ili bwinobwino, ikungonena zoona kuti penapake pavulala. Asipirini, bulufeni ndi dikilofenaki amaletsa thupi kupanga timadzi timeneti, choncho kutupa kukachepa ululu nawo umachepa. Panado, amene dzina lake lenileni ndi parasitamolo, sachotsa kutupa kwenikweni, koma amafewetsa ululu wamtunduwu pogwira ntchito makamaka mu ubongo ndi mumsana.

Pali ululu wina umene gwero lake ndi munyewa weniweniwo. Munyewa ukawonongeka umayamba kutumiza uthenga wokha popanda chouputa, ngati mthenga amene wayamba kupeka nkhani za maliro pamene kumudzi kuli bata. Timabowo tolowetsa mchere wa sodiyamu, timene munyewa umagwiritsa ntchito poyambitsa uthenga, timachuluka pamalo owonongekawo, ndipo uthenga umangofwamphuka. Zikapitirira kwa miyezi, maselo a mumsana olandira uthengawo nawonso amayamba kuukuza, pamene njira zochokera ku ubongo zimene zimatontholetsa ululu zimafooka. M'zonsezi pulositagilandini alibe gawo lalikulu, ndipo n'chifukwa chake bulufeni amakafika m'thupi n'kusowa choti akonze.

Titenge chitsanzo cha bambo wa zaka 58 amene wakhala ndi matenda a shuga kwa zaka 10. Akudandaula kuti mapazi onse awiri amatentha, makamaka akagona, ndipo nthawi zina amamva kubaya ngati singano kapena kugwedeza ngati magetsi. Chofunda chikangokhudza zala amamva kuwawa, moti amagona mapazi ali kunja. Chodabwitsa n'chakuti mapazi omwewo achita dzanzi, ndipo dokotala akamukhudza ndi kaulusi kopimira kapena ndi thonje, malo ena sakumva kanthu. Palibe kutupa, palibe bala, ndipo kuyenda sikuwonjezera ululu, mwinanso kumauchepetsa. Kukumana kwa zinthu ziwirizi pamalo amodzi, dzanzi ndi ululu, ndi chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira kuposa zina zonse. Shuga wokwera kwa zaka zambiri amawononga minyewa pamodzi ndi timitsempha ta magazi toidyetsa, ndipo minyewa yaitali kwambiri ndi imene imayamba kuvutika. N'chifukwa chake vutoli limayambira ku zala za kumapazi n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo likayandikira m'mawondo limayamba kumvekanso m'zala za m'manja.

Bamboyu wakhala akumwa bulufeni katatu pa tsiku kwa miyezi ingapo, n'kumawonjezera panado usiku. Apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni, chifukwa munthu amene mankhwala sakumuthandiza saganiza kuti mankhwalawo ndi olakwika, amaganiza kuti akuchepa. Bulufeni womwedwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba, amakweza kuthamanga kwa magazi ndipo amawononga impso, zimene mwa munthu wa shuga zimakhala zili kale pachiopsezo. Panado naye akapitirira magalamu 4 pa tsiku mwa munthu wamkulu amawononga chiwindi, ndipo kwa womwa mowa kwambiri kapena wochepa thupi malirewo ndi otsikirapo.

Dokotala wosamala sathamangira kulemba mankhwala atsopano asanafunse chimene chikuwononga minyewayo, pakuti shuga si yekha. Kachilombo ka HIV, mowa wambiri, khate ndi kuchepa kwa vitamini B12 zimachitanso zomwezo, ndipo vitaminiyu amatha kuchepa mwa anthu amene amwa mankhwala a shuga otchedwa metifomini kwa zaka zambiri, choncho mwa bambo wathuyu ayenera kupimidwa. Mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa aisoniyazidi amawononganso minyewa, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi vitamini B6. Mashingozi amatha kusiya ululu woopsa pamalo pamene panali matuza, ngakhale khungu litapola kalekale.

Mankhwala amene amathandiza pa ululu wa minyewa ambiri anapangidwira matenda ena, ndipo izi zimasokoneza odwala. Amitiriputilini anapangidwira matenda a maganizo, koma amalimbitsa njira zija za ubongo zotontholetsa ululu, ndipo amatero pa mlingo wochepa kuposa umene umaperekedwa pa matenda a maganizo. Wodwala akapanda kufotokozeredwa zimenezi amaganiza kuti dokotala akumuyesa wopeka matenda, ndipo mankhwalawo amangowasiya. Gabapentini ndi pulegabalini, amene anayamba ngati mankhwala a khunyu, amachepetsa kuchuluka kwa uthenga umene minyewa yosokonekera imapatsirana. Palinso dulokisetini, amene amagwira ntchito mofananako ndi amitiriputilini.

Bambo wathuyu, ngati mtima wake uli bwino, angayambitsidwe amitiriputilini wa mamiligalamu 10 kapena 25 usiku, ndipo mlingo umakwezedwa pang'onopang'ono pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, kawirikawiri osapitirira 75. Masiku oyamba adzamva kuuma kukamwa, tulo tambiri m'mawa ndi chizungulire akadzuka mofulumira, pamene phindu lake limayamba kuoneka patapita milungu iwiri kapena inayi. Zovutazo zimafika phindu lisanafike, ndipo ambiri amasiyira pomwepo. Kwa okalamba, odwala mtima, kapena abambo ovutika pokodza, mankhwalawa sakhala abwino, ndipo gabapentini angakhale woyenera. Iyeyu amayambidwa pa mamiligalamu 100 mpaka 300 n'kumakwezedwa, koma popeza amatuluka kudzera mu impso, mlingo wake umatsitsidwa ngati impsozo zafooka, chomwe n'chifukwa chinanso chopimira impso za munthu amene wamwa bulufeni kwa miyezi. Mankhwala onsewa samwedwa pa nthawi ya ululu yokha ngati panado. Amamwedwa tsiku ndi tsiku, ndipo posiya amachepetsedwa pang'onopang'ono.

Malire a mankhwalawa ayenera kunenedwa poyera kuyambira tsiku loyamba. Ululu ukatsika ndi theka, kapena ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, n'kumulola munthu kugona, madokotala amaona kuti mankhwala agwira ntchito. Odwala ambiri sathandizidwa ndi mankhwala oyamba, ndipo amafunika kuyesa achiwiri kapena kuphatikiza awiri. Mofini ndi tiramadolo angachepetse ululuwu kwa kanthawi, koma thupi limawazolowera, ndipo sindiwaona ngati poyambira pa vuto limene lidzakhalapo kwa zaka. Kusamala shuga kumachedwetsa kuwonongeka kwa minyewa, ngakhale kuti imene yawonongeka kale siibwerera msanga, ndipo dzanzi silichoka ndi mankhwala a ululu. Choncho bamboyu ayenera kuyang'ana mapazi ake tsiku lililonse, chifukwa phazi losamva limatha kupsa kapena kulasidwa mwini wake osadziwa.

Nthawi zina ululu wamitundu iwiriyi umakhala pamodzi, monga pa msana umene ukupweteka kwinaku munyewa wotsikira kumwendo utapanikizika, ndipo pamenepo bulufeni angathandize msanawo koma osati kutentha kwa m'mwendo. Ngati ululu wotere wabwera ndi kufooka kwa miyendo, dzanzi pakati pa ntchafu, kulephera kukodza, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa minyewa yopanikizika pamenepo ingawonongekeretu ikapanda kumasulidwa msanga.