Zaka zambiri pa ma ARV koma vayirolodi yakwera: timayang'ana chani?

Munthu amene wamwa ma ARV zaka 10 kapena kuposa nthawi zambiri sativuta ku kiliniki, amabwera pa deti yake, kukwera sikelo, kutenga mabotolo a miyezi 6 n'kumapita. Koma odwala amenewa ndi amene ife azaumoyo timawaphonya, chifukwa aliyense amangoti awa ndi akalekale akudziwa kale zonse. Kenako rizati ya magazi ibwera yokwera ndiye tonse kudabwa.

Vayirolodi ndi kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi. Kuno ku Malawi timayeza pakatha miyezi 6 munthu atayamba mankhwala, kenako chaka ndi chaka. Chomwe tikufuna n'choti makina asakaone n'komwe kachilomboko. Ikafika 1,000 kapena kuposa ndiye kuti penapake pavuta, koma sitithamangira kusintha mankhwala ayi. Ambiri pano akumwa 13A, piritsi limodzi patsiku lomwe lili ndi tenofoviya, lamivudini ndi dolutegiraviya, lomwe linafalikira mu 2019, ndipo kachilombo sikalizolowera msanga. Ndiye vayirolodi ikakwera pa 13A, kawirikawiri vuto si piritsilo, vuto n'loti silikufika m'magazi mokwanira. Timakhala pansi ndi munthu kwa miyezi 3, kufufuza ndi kukonza, kenako kuyezanso.

Tiyerekeze mayi a zaka 45, a geni ya tomato, anayamba mankhwala ali oyembekezera mu 2012, nthawi ya pulogalamu ija inayamba mu 2011 yoti mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV aziyamba mankhwala a moyo wonse. Zaka zonsezi zili bwino, lero rizati yabwera 6,000. Ndikawafunsa kuti "Mayi, mumamwa mankhwala daily?" ndalakwitsa kale funso, aliyense amayankha kuti eya. Funso lothandiza ndi loti "Mayi, sabata yathayi ndi masiku ati omwe zinavuta kumwa?" komanso "botolo mumasunga pati?" Funso la botololi limaulula zambiri kuposa kuwerenga mapiritsi otsala, pakuti amene akuopa kukalipiridwa amataya mapiritsi m'chimbudzi kuti nambala igwirizane.

Mayiwa akuti botolo lili kwa achemwali awo, nyumba yachitatu kuchokera pawo. Bwanji? Anakwatiwanso chaka chatha ndipo bambowo sanauzidwe. Tsiku loti bambo sanapite ku ntchito, mankhwala samwedwa. Kukagwa maliro kumudzi masiku atatu ogona pa siwa, botolo silinyamulidwa poopa kuti likamachita phokoso m'chikwama azimayi anzawo ayamba zoti awa akuthira mayunitsi. Apa ndiye mukuona kuti kusalana sikuti kumangopweteka mumtima, kumaoneka mpaka pa pepala la ku labu. Kuwauza mayiwa kuti aike alamu pa foni n'kutaya nthawi, saiwala, akubisa.

Pulani yake pamenepa si yowakakamiza kuulula mawa. Choyamba timafunsa ngati bambowo ndi a nkhanza, chifukwa pali maanja omwe kuulula kumathera pa kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa, ndipo zikatero timayamba taganiza za chitetezo cha mayi. Ngati palibe nkhanza, njira yomwe imayenda bwino n'kubwera awiri kudzayezetsa limodzi, khansala n'kuthandiza kuyankhula. Bambowo akuyenera kuyezedwa ndithu pakuti miyezi yomwe vayirolodi inali yokwera anali pa chiopsezo, ndipo mpaka itatsika agwiritse ntchito kondomu, bambo akapezeka alibe kachilombo palinso mankhwala oteteza a PrEP. Mfundo yomwe imafewetsa nkhaniyi ndi yoti munthu amene vayirolodi yake ili pansi pa 200 ndipo ikukhala choncho sapatsira mnzake kachilombo pogonana. Ambiri sanauzidwepo zimenezi, nafenso azaumoyo timaiwala kunena. Za ku ntchito, lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa ali ndi kachilombo, koma lamulo silifika kuchipinda, ndiye magulu a anthu omwe ali ndi HIV ngati a NAPHAM amathandiza pomwe ife sitifika.

Podikira zonsezi mapiritsi abwerere m'nyumba, ndi ochepa a paulendo m'kabotolo kouma kotseka bwino. Mukaiwala kumwa ndipo mwakumbukira maola 12 asanakwane, imwani pompo, akapitirira dikirani nthawi yanu yotsatira, osamwa awiri. Mankhwala akathera paulendo, pitani pa chipatala chilichonse chopereka ma ARV ndi buku lanu la kuchipatala, akupatsani ongogwirizira.

Tsopano za kudya. Mayi athu aja alinso ndi chilungulira, ndipo amagula mapiritsi otafuna a maginiziyamu pa golosale n'kumwera limodzi ndi 13A. Mapiritsi amenewa, komanso owonjezera magazi a ayironi ndi a kashiamu, amagwira dolutegiraviya m'matumbo n'kutuluka naye asanalowe m'magazi. Munthu akumwa mokhulupirika koma thupi likulandira pang'ono. Kukonza kwake n'kosavuta, imwani ARV maola 2 musanamwe enawo, kapena maola 6 mutamwa enawo. Mankhwala a TB a rifampisini nawonso amachepetsa dolutegiraviya, n'chifukwa chake odwala TB timawawonjezera piritsi lina la dolutegiraviya pakatha maola 12. Ndiye chilichonse chomwe mukumwa, ngakhale za kwa asing'anga kapena timabotolo ta "owonjezera chitetezo" timene akugulitsa modula m'tauni, bweretsani tione. Ine timabotoloto sindikhulupirira, ndalama yake bola kugula mazira.

Malangizo akale oti munthu wa HIV azidya kwambiri kuti anenepe anali a nthawi yomwe anthu ankabwera atatheratu. Alipo mpaka pano owonda, ndipo amenewo timayeza sikelo, msinkhu ndi mkono, kuwapatsa chiponde kapena Likuni Phala ngati afika pa mlingo wake, komanso kufufuza TB chifukwa munthu wa pa ma ARV sawonda popanda chifukwa. Koma odwala akale ambiri vuto latembenuka, thupi likukwera makamaka azimayi a pa dolutegiraviya, ndipo ena amasangalala nalo thupilo poti limatseka anthu pakamwa. Apa ndi pomwe BP ndi shuga zimalowera mwakachetechete. Mayi athu ngati akwera kuchoka pa 62 kufika 74 kilo m'zaka zochepa, pulani ndi kuchepetsa mitanda ya nsima, zakumwa zotsekemera, mchere ndi zokazinga, kuchulukitsa nyemba, usipa, bonongwe wotendera ndi zipatso za nyengo, ndi kuyeza BP ulendo uliwonse.

Nthawi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, ena amasiya mankhwala ati sangamwe pa mimba yopanda kanthu. 13A imamweka ndi chakudya kapena popanda, musasiye. Ikamakusowetsani tulo, isunthireni m'mawa.

Zina mwachidule: bakitirimu apitirire monga mwauzidwira, azimayi ayezetse khomo la chiberekero, ndipo bufeni kapena dayikilofenaki wa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana mumusiye, pamodzi ndi tenofoviya amalemetsa impso. Kutupa miyendo, kusintha kwa mkodzo, chifuwa, kutentha thupi, thukuta la usiku kapena mutu wosasiya, musadikire deti.

Mayi aja m'miyezi 3 imeneyi salandiranso mabotolo a miyezi 6, tizionana pafupipafupi. Magazi achiwiri akabwera otsika amabwerera ku dongosolo lawo lakale pa 13A yomweyo. Akakhalabe pamwamba pa 1,000 chonsecho botolo lili m'nyumba ndipo maginiziyamu anasiyanitsidwa, mpamene timatumiza nkhani kwa madokotala akuluakulu, magazi akayezedwe ngati kachilombo kazolowera mankhwala tisanasinthe chilichonse.