Apu ya zithunzi ikukudyerani bandulo? Iyeseni kaye opanda data

Ine ntchito yanga ndi yokonza zithunzi, ndiye anthu amakonda kundifunsa kuti abwino ndi ati, maapu aulele a pafoni kapena mapulogalamu a pakompyuta. Ine ndimati musayambire pamenepo, funsani kaye kuti chithunzicho chikukonzedwera kuti, m'chipangizo mwanumo kapena pa seva ya eni apu.

Kudziwa kwake nkosavuta. Ikani foni pa Airplane mode, tsegulani apuyo, yesani fyuluta yomwe mukuifunayo. Ikatheka ndiye kuti foni ikugwira yokha ntchitoyo. Ikayamba kungozungulira kapena kudandaula za netiweki, dziwani kuti nthawi zambiri chithunzi chimayamba chapita kwa eni apu nkubwerako, ulendo wonsewo pa data yanu. Snapseed ya Google mayesowa imakhoza, ndi yaulele komanso ilibe zotsatsa malonda. Koma maapu ambiri osandutsa nkhope kukhala katuni kapena ngati yojambulidwa ndi penti, makamaka a AI aja, amalephera.

Tiwerengere limodzi. Chithunzi cha kamera ya 12MP chimakhala cha ma MB atatu kapena anayi, titenge 4. Muli ndi zithunzi 30 za ukwati, kungotumiza kokha ndi 120MB, ndiye munthu sukhutira ndi sitayilo yoyamba, pa maapu omwe amatumizanso mukasintha sitayilo mukayesa zitatu mwafika 360MB musanadawunilode nchimodzi chomwe. Netiweki ikamakwawa pa 256kbps chithunzi chimodzi chimatenga mphindi ziwiri kuti chipite, ikadukira panjira mwayambiranso, data yapita kale ija sibwera.

Pamenepa mpamene kompyuta imawina, ngakhale poyamba imaoneka yodula. GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi pakompyuta, ndi yaulele, fayilo yoikira ndi ma MB mazana angapo inde, koma mumadawuniloda kamodzi basi, kapena kungokopera pa fulashi kwa mnzanu poti laisensi yake imalola. Zikatero intaneti simuyifunanso. Pitani pa Filters > Artistic, mupeza Cartoon ndi Oilify, ndipo Colors > Posterize imachepetsa mitundu chithunzi nkuoneka ngati positala. Chilungamo chake, sizifika pa kukongola kwa za AI zija, komanso pa laputopu yakale Oilify imachedwa ndithu. Chithunzicho chisamutseni ndi kebulo, osati kudzitumizira pa WhatsApp, imachifinya.

Nanga ngati sitayilo mwaikondayo ili pa apu ya seva yokha? Chepetsani kaye chithunzi, mbali yaitali ikhale mapikiselo 1600, mu GIMP ndi Image > Scale Image. Chimatsika kufika theka la MB kapena kuchepera apo, zithunzi 30 zija zangodya 15MB. Pa sikirini ya foni palibe angaone kusiyana. Vuto limabwera posindikiza, mapikiselo 1600 pa 300dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndi masentimita 13 ndi theka basi, mukakulitsa kuposa apo tsitsi ndi m'mbali mwa maso zimayamba kuoneka mbuu. Choti mukachipachike pakhoma chikonzereni pakompyuta, kuchokera ku fayilo yoyamba ija.