Ayezi woyandama si amene akukweza nyanja

“Nyanja zamchere zikukwera chifukwa ayezi woyandama pamadzi akusungunuka.” Mawu amenewa ndawamva kwa zaka zambiri muno mu Lusaka, ndipo anditopetsa.

Ikani ayezi m'tambula yamadzi, mulembe chizindikiro pamene madziwo alekezera. Akasungunuka mupeza kuti madzi ali pomwepo, poti ayeziyo anali atatenga kale malo ake.

Amene amakweza nyanja ndi ayezi wa pamtunda, monga wa ku Greenland ndi Antarctica, akasungunuka n'kutsikira m'nyanja. Komanso madzi akatentha amafufuma. Chiyambire 1900 nyanja zakwera pafupifupi masentimita 20.

Ife tili kumtunda, koma ku Beira, kumene malo ena ndi otsika kwambiri, kukwera koteroko kumathandiza mafunde a namondwe kulowa m'makomo, mchere n'kuwononga zitsime. Zimandidetsa nkhawa. Musanauze mnzanu za ayezi woyandamayo, yambani mwayesa ndi tambula.